Mafunso ndi Mayankho: Kukana Msonkhano pa Imelo ndi Kutumiza Lipoti Lolembedwa M'malo Mwake

Mafunso ali m'munsiwa amafunsidwa kawirikawiri ndi anthu ogwira ntchito m'maofesi amene amaitanidwa kumisonkhano kudzera pa imelo kapena pa kalendala ya pa kompyuta. Mayankho ake akutsata chitsanzo chimodzi chongoyerekeza: woyang'anira zogula m'bungwe lokumba mijigo, amene ofesi yake ili ku Lilongwe, waitanidwa ku msonkhano wa Lachiwiri pa 14, nthawi ya 10 koloko m'mawa, koma tsiku lomwelo ayenera kukhala ali ku Dedza kukalandira mapaipi.

Kodi si mwano kukana msonkhano umene mwaitanidwa?

Kukana pakokha si mwano. Chimene chimapweteka woitana ndi mpando umene wangopezeka wopanda munthu popanda chidziwitso, kapena yankho la mawu awiri limene silikunena kuti mbali yanu ya ntchito iyenda bwanji inu kulibe. Munthu akamakuitanani ku msonkhano wa pantchito amakhala akufuna chinachake kwa inu: mwina uthenga wa pamene ntchito yafika, mwina maganizo anu, mwina chilolezo chanu. Imelo yokana imalandirika ngati ikusonyeza kuti mwazindikira chimene akufunacho ndipo mwapeza njira ina yochiperekera pa nthawi yake.

Ambiri amaopa kukana, ndipo m'malo mwake amavomera kenaka osafika, kapena amalowa msonkhano wa pa intaneti ali m'galimoto, netiweki ikudukaduka, mawu awo osamveka. Zonsezi zimasokoneza kuposa kukana kolongosoka, chifukwa wapampando amakhala atakusungirani nthawi pa ndondomeko ya zokambirana ndipo sanakonze njira ina.

Ndingadziwe bwanji kuti lipoti lolembedwa lingakwanire m'malo mwa kupezeka kwanga?

Werengani ndondomeko ya zokambirana ndipo mudzifunse kuti dzina lanu kapena nthambi yanu ikupezeka pa mfundo iti. Ngati mbali yanu ndi kufotokoza zimene zachitika, monga katundu amene wafika, ndalama zimene zagwiritsidwa ntchito ndi zimene zatsala, lipoti lingathe kugwira ntchitoyo bwino kuposa pakamwa, pakuti manambala olembedwa sasokonekera monga amachitira manambala ongomva. Ngati mbali yanu ndi kukambirana nkhani imene anthu akusiyana maganizo, pamene funso limodzi limabala lina, pepala silingathe kukuyankhirani.

Pali nkhani zina zimene zili pakati. Woyang'anira zogula wa m'chitsanzo chathu ali ndi zinthu ziwiri pa ndondomeko: kunena pamene kugula kwafika, ndi kupempha msonkhano kuti usankhe wogulitsa simenti. Choyambacho n'chosavuta kulemba. Chachiwiricho chingalembedwe pokhapokha ngati iye aika njira zonse pamaso pa anthu, n'kunena imene akuikonda ndi chifukwa chake, kuti msonkhano ugamule osadikira kumufunsa.

Ngati kalata yoitanira yabwera popanda ndondomeko, musathamangire kukana. Yambani mwafunsa woitanayo kuti akufuna chiyani kwa inu. Yang'ananinso ngati mwaikidwa pa `Required` kapena pa `Optional`, chifukwa amene ali pa `Optional` anauzidwa kale kuti msonkhano ungathe kuchitika popanda iye.

Ndi misonkhano iti imene siyenera kukanidwa motere?

Msonkhano umene uli wokhudza inuyo, monga wounika kagwiridwe kanu ka ntchito kapena womva mlandu wa pantchito, sungalowedwe m'malo ndi lipoti. Ngati tsikulo silikutheka, pemphani tsiku lina. Chimodzimodzi msonkhano wa komiti kapena wa bodi umene malamulo ake amafuna chiwerengero china cha mamembala kuti zogamula zikhale zovomerezeka. Lipoti siliwerengedwa ngati membala wopezeka ndipo siliponya voti, kotero kusapezeka kwanu kungalepheretse msonkhano wonse. Pamenepa funsani mlembi kaye kuti ndi angati atsimikiza kubwera, komanso ngati malamulo a komitiyo amalola kutumiza wokuimirirani.

Msonkhano woyamba ndi kasitomala watsopano kapena ndi opereka thandizo nawonso ndi wovuta kuukana, popeza cholinga chake chachikulu ndi kudziwana.

Imelo yokanayo ikhale ndi chiyani, ndipo italike bwanji?

Ikhale yaifupi moti munthu angaiwerenge yonse pa foni osatsitsa kwambiri. Chiganizo choyamba, kapena chachiwiri mukatha kuthokoza, chinene momveka kuti simudzapezeka, ndipo chitchule msonkhanowo ndi tsiku lake. Kenaka pabwere chifukwa mwachidule, lonjezo la lipoti lokhala ndi tsiku ndi ola limene lidzafike, zimene lipotilo lidzafotokoze, ndi njira imene angakupezereni ngati patabuka funso. Woyang'anira zogula uja angalembe motere:

> Mutu: Kupepesa: msonkhano wa ntchito ya mijigo, Lachiwiri pa 14
>
> Mayi Wapampando,
>
> Zikomo pondiitana ku msonkhano wa Lachiwiri pa 14, nthawi ya 10 koloko m'mawa. Ndikupepesa kuti sindidzatha kupezekapo chifukwa tsiku lomwelo ndidzakhala ndili ku Dedza kukalandira mapaipi, ndipo ndiyenera kusainira katunduyo ndekha.
>
> Kuti mfundo yachitatu ya pa ndondomeko isaime, ndidzakutumizirani lipoti la zogula Lolemba pa 13 isanakwane 12 koloko masana. Lidzafotokoza katundu amene wafika, amene watsala, ndi nkhani ya simenti imene ikufunika chigamulo cha msonkhano. Ngati pali mfundo ina imene mukufuna kuti ndiikemo, chonde ndidziwitseni pofika Lachisanu lino.
>
> Pa nthawi ya msonkhano ndidzakhala ndikupezeka pa foni. Ndikupempha kuti kupepesa kwanga kulembedwe m'maminitsi.
>
> Ine wanu,
> Woyang'anira Zogula

Onani kuti imeloyi sikunena kuti "ndidzayesetsa kubwera" kapena "mwina ndidzachedwa". Mawu otere amamveka aulemu, koma amasiya wapampando ali m'malere, osadziwa ngati asunge mphindi zanu kapena azipereke kwa wina. Onaninso kuti lonjezo lili ndi ola. Mawu akuti "ndidzatumiza posachedwa" sapatsa munthu nthawi yoti ayambe kukufunsani, ndipo malipoti olonjezedwa motero ndi amene amafika msonkhano utatha.

Kodi ndiyenera kufotokoza chifukwa changa chonse?

Ayi. Chiganizo chimodzi choona n'chokwanira. Ngati chifukwacho ndi cha ntchito, chitchuleni mwachindunji, pakuti chimathandiza wapampando kuona yekha kuti chofunika kwambiri ndi chiti. Ngati ndi cha kunyumba, monga matenda kapena maliro, mungathe kunena kuti mwagwa m'zovuta za pabanja ndipo mwapatsidwa chilolezo, osalowa m'tsatanetsatane, makamaka poganizira kuti imelo imatha kutumizidwa kwa anthu ena amene simunawaganizire.

Zifukwa zitatu kapena zinayi zoikidwa pamodzi zimachititsa wowerenga kukayikira zonse. Chifukwa chabodza n'choopsanso, popeza m'maofesi ambiri anzanu amatha kuona pa kalendala ngati ola lanu lili lotanganidwa kapena ayi. Ngati choonadi n'chakuti mukuona kuti simukufunika pa msonkhanowo, nenani mwaulemu kuti mbali yanu pa ndondomeko ndi yopereka uthenga chabe ndipo mungaipereke molemba, kenaka mufunse ngati zimenezo zingakwanire.

Lipotilo lilembedwe bwanji kuti ligwiredi ntchito?

Apa ndi pamene nkhani yonse yagona, pakuti imelo yokana ndi lonjezo chabe ndipo lipoti ndiye kukwaniritsa kwake. Lilembeni podziwa kuti mwina lidzawerengedwa mokweza ndi munthu wina amene sadziwa ntchito yanu bwino, mu mphindi ziwiri kapena zitatu, inu kulibe kuti muwongolere. Pa chifukwa chimenechi, chimene mukufuna kuti msonkhano uchite chikhale pamwamba, osati kumapeto kumene nthawi imakhala itatha. Pambuyo pake pabwere pamene ntchito yafika, zimene zavuta, ndi zimene zichitike kutsogolo pamodzi ndi wozichita ndi tsiku lake. Nali lipoti la woyang'anira zogula:

> Lipoti la zogula, monga zinthu zilili Lolemba pa 13, 11 koloko m'mawa
>
> Chofunika chigamulo: msonkhano usankhe wogulitsa matumba 200 a simenti. Mwa makotesheni atatu amene tinalandira, imodzi sinakwaniritse zofunika. Wogulitsa woyamba ndi wotsika mtengo ndi K3,000 pa thumba, kutanthauza K600,000 pa matumba onse, koma adzabweretsa pakatha masabata atatu. Wachiwiri adzabweretsa m'masiku asanu. Simenti imene ili m'nkhokwe ikwanira masabata awiri okha, kotero tikasankha woyamba amisiri adzakhala sabata imodzi osagwira ntchito. Ine ndikulangiza kuti titenge wachiwiri. Makotesheni onse awiri atha mphamvu Lachisanu pa 17.
>
> Pamene tafika: mapampu 12 amene tinaitanitsa, 8 afika ndipo ayesedwa, 4 otsalawo akuyembekezeka Lachinayi pa 16. Mapaipi ndikukalandira Lachiwiri pa 14.
>
> Chovuta: pampu imodzi mwa 8 ija inafika ndodo zake zili zosakwana. Wogulitsa wavomera kubweretsa zotsalazo pamodzi ndi mapampu a Lachinayi, ndipo sitilipira pampu imeneyo mpaka zitafika.
>
> Chotsatira: msonkhano ukagamula, ndidzatulutsa oda Lachitatu pa 15.

Chimene chikupatsa lipotili mphamvu n'chakuti layankhiratu mafunso amene akanafunsidwa. Wa za chuma akanafunsa kuti n'chifukwa chiyani tikusiya wotsika mtengo, ndipo yankho lake lilimo, ndi kuchuluka kwa ndalama komwe. Woyang'anira amisiri akanafunsa kuti simenti itha liti, ndipo zalembedwa. Wapampando akanaganiza zoimitsa nkhaniyo mpaka msonkhano wa sabata yamawa, koma tsiku la pa 17 likumuuza kuti sizingatheke. Musanatumize lipoti lanu, ganizirani munthu aliyense amene adzakhalepo ndi funso limene amakonda kufunsa, kenaka muone ngati pepalalo likumuyankha.

Yerekezani ndi lipoti longonena kuti "zogula zikuyenda bwino, katundu wambiri wafika, koma pali vuto pang'ono pa simenti". Mawu onsewo ndi oona, koma palibe chimene msonkhano ungachite nawo, ndipo wapampando adzakakamizika kukuimbirani foni kapena kuimitsa mfundoyo. Mawu monga "ambiri", "pang'ono" ndi "posachedwa" achotsedwe, m'malo mwake mulowe nambala kapena tsiku. Mzere wa pamwamba wonena tsiku ndi ola limene lipoti linalembedwa umakutetezani ngati zinthu zitasintha usiku.

Chenjezo limodzi: musabise nkhani yoipa m'lipoti pofuna kuthawa kuinena pamaso. Ngati vutolo ndi lalikulu, monga ndalama zosowa kapena ntchito yochedwa ndi mwezi wathunthu, imbirani wapampando foni kaye, kuti asakumane nalo koyamba pamaso pa gulu.

Nditumize liti, ndipo lipotilo likhale m'imelo momwemo kapena m'fayilo yapadera?

Imelo yokana ipite tsiku lomwe mwadziwa kuti simudzapezeka, kuti wapampando akhale ndi mpata wosuntha msonkhano ngati akuona kuti simungasowe. Lipoti lifike tsiku la ntchito limodzi msonkhano usanachitike. Likafika mofulumira kwambiri manambala ake amakalamba, ndipo likafika m'mawa wa tsikulo anthu amalowa m'chipinda asanaliwerenge. Ngati mwadziwa mochedwa, kutatsala maola ochepa, ikani kukana ndi lipoti m'imelo imodzi ndipo muimbe foni kapena mutumize uthenga waufupi wodziwitsa kuti imelo yapita.

Lipoti losapitirira tsamba limodzi lilembedwe m'thupi la imelo, chifukwa ambiri amawerengera pa foni ndipo fayilo yofuna kutsitsa imasiyidwa kuti idzatsegulidwe nthawi ina, makamaka bandulo ikakhala yochepa. Mapepala aumboni, monga makotesheni aja, ndi amene aphatikizidwe ngati PDF, koma mfundo zake zikuluzikulu zikhale zitanenedwa kale m'imelo.

Ngati woitana ali kunja, tchulani kuti ola limene mwalonjeza ndi la dziko liti. Nthawi ya ku Malawi sisintha chaka chonse, pamene ya ku Britain imasintha: kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala Malawi imakhala patsogolo ndi ola limodzi, ndipo miyezi inayo imakhala patsogolo ndi maola awiri.

Kodi kudina batani lokana pa kalendala n'kokwanira?

Batanilo limauza kalendala ya woitana kuti simubwera, koma silinena chifukwa ndipo silipereka lonjezo lililonse. Chabwino n'kuchita zonse ziwiri: kudina batani kuti chiwerengero cha obwera chikhale cholondola, ndi kulemba mawu. Mu Outlook ya pa kompyuta imene ambiri anazolowera, mukasankha `Decline` mumapatsidwa njira zitatu, zimene ndi `Edit the Response before Sending`, `Send the Response Now` ndi `Do Not Send a Response`. Yoyambayo ndi imene imakulolani kulemba uthenga wanu pamodzi ndi kukanako. Yachitatuyo ipeweni, chifukwa woitana salandira imelo iliyonse yomudziwitsa. Mu Google Calendar mumasankha `No`, ndipo `Add note` ndi pamene mungaike chiganizo chachifupi.

Mauthenga obwera ndi batani amafika ndi mutu woyamba ndi `Declined`, ndipo woitana amene waitana anthu makumi awiri nthawi zambiri amangowadutsa osawatsegula. Choncho lonjezo lanu ndi lipoti lenilenilo ndi bwino kuzitumiza pa imelo yapadera yokhala ndi mutu wake. Kumbukiraninso kusunga ndondomeko ya zokambirana ndi mafayilo ake musanakane, popeza Outlook imakonda kuchotsa msonkhano wokanidwa pa kalendala yanu ndi kusamutsira kalata yoitanira ku `Deleted Items`.

Musasankhe `Tentative` kapena `Maybe` pamene mukudziwa kuti simubwera. Ngati vuto lanu ndi ola lokha osati msonkhanowo, gwiritsani ntchito `Propose New Time`.

Nditumize kwa woitana yekha kapena kwa onse?

Kukana kupite kwa woitana, ndipo mlembi aikidwe pa `Cc` ngati alipo, popeza ndiye amalemba mayina a opepesa. Anthu enawo safunika kudziwa chifukwa chanu, choncho `Reply All` si yoyenera pa imelo imeneyi. Lipoti ndi nkhani ina: ngati lili ndi chofunika chigamulo, onse ogamula ayenera kuliona. Njira yaulemu ndi kulitumiza kwa wapampando ndi kumufunsa ngati akufuna kuligawa yekha kapena mulitumize inuyo, chifukwa m'maofesi ena mapepala a msonkhano amatuluka kudzera kwa mlembi yekha.

Nanga ngati woitanayo ndi bwana wanga kapena mkulu wa bungwe?

Zonse zanenedwa pamwambazi zikhalebe, koma kukanako kusanduke pempho. M'malo molemba kuti simudzapezeka, fotokozani kuti ntchito ziwiri zagundana ndipo mupemphe chilolezo: "Bwana, tsiku lomwelo ndiyenera kukalandira mapaipi ku Dedza. Ndikupempha kuti mundilole kutumiza lipoti lolembedwa Lolemba masana m'malo mopezeka. Koma ngati mukuona kuti msonkhano ndiwo utsogole, ndikonza zoti wina akalandire katunduyo." Mwa njira imeneyi chisankho chatsala m'manja mwa amene ali ndi udindo wosankha.

Kwa akuluakulu ambiri imelo yongofika yokha imaoneka youma. Ngati muli nyumba imodzi, gogodani pa ofesi pawo kapena imbani foni kaye, kenaka imelo itsatire ndi mawu akuti "monga tinakambirana m'mawa uno". Musadine batani lokana asanakuyankheni.

Msonkhano wake ndi wa sabata iliyonse. Kodi ndingakane kangati?

Choyamba samalani ndi batani. Mukayankha kuchokera pa kalata yoitanira ya msonkhano wobwerezabwereza, mumakhala mukuyankha za masiku onse. Kuti mukane tsiku limodzi, tsegulani tsikulo pa kalendala ndi kusankha kuti yankho likhudze lokhalo. Mu Google Calendar chisankhocho ndi `This event`, osati `All events`.

Palibe lamulo la chiwerengero, koma mukaona kuti mwapepesa masabata angapo otsatizana, lekani kulemba zopepesa za sabata ndi sabata ndipo mukambirane ndi wapampando dongosolo lokhazikika. Mwachitsanzo, mungagwirizane kuti lipoti lizifika Lolemba lililonse masana, ndipo inu muzipezeka kamodzi pa mwezi kapena pamene nthambi yanu ili ndi nkhani yofuna kukambirana.

Kodi nditumizenso wondiimirira?

Ngati lipoti lili ndi chofunika chigamulo, n'kothandiza kuti pakhale munthu woliwerenga ndi kulemba mafunso. Pemphani chilolezo cha woitana musanamutumizire kalata yoitanira, ndipo nenani m'imelo malire a udindo wake: kodi angavomere zinthu m'dzina la nthambi yanu, kapena ndi wongomvera ndi kubweretsa uthenga? Wokuimirirani amene sanauzidwe malire angavomere tsiku limene simungalikwanitse, ndipo maminitsi adzalemba kuti nthambi yanu inavomera.

Ndingadziwe bwanji kuti lipoti langa silinagwire ntchito, ndipo ndichite chiyani?

Zizindikiro zake zimaoneka msanga. Wina akukufunsani funso limene yankho lake linali m'lipoti. Maminitsi akulemba kuti mfundo yanu yaimitsidwa chifukwa mwini wake kunalibe. Kapena dzina lanu lili pa mndandanda wa osapezeka m'malo mwa opepesa. Choyamba chikusonyeza kuti lipoti silinawerengedwe, mwina chifukwa linafika mochedwa kapena linabisika m'fayilo. Chachiwiri chikusonyeza kuti linawerengedwa koma silinapereke zokwanira kuti anthu agamule. Chachitatu n'chofunika kuchikonzetsa kwa mlembi maminitsiwo asanavomerezedwe pa msonkhano wotsatira.

Musadikire maminitsi, amene nthawi zina amatuluka patapita masiku. Madzulo a tsiku la msonkhano kapena m'mawa mwake, lembani kwa wapampando pa imelo yomwe ija ya lipoti, kufunsa chimene chagamulidwa ndi ntchito zimene zapatsidwa kwa inu. Woyang'anira zogula uja, akapeza Lachitatu m'mawa kuti nkhani ya simenti sinagamulidwe, ali ndi masiku awiri okha makotesheni asanathe mphamvu. Ayenera kuimbira wapampando tsiku lomwelo, kupempha kuti ogamula apereke maganizo awo pa imelo pofika Lachinayi masana, ndipo nthawi yomweyo alembere ogulitsa onse awiri kuwapempha kuti atalikitse makotesheni awo ndi sabata imodzi.

Woitana wayankha kuti ndiyenera kupezeka basi. Nditani?

Mufunseni kuti akukufunani pa mfundo iti. Kawirikawiri amakhala akukufunani pa mfundo imodzi, ndipo mungagwirizane kuti iikidwe koyambirira kuti mulowe pa foni kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu pa ola lodziwika. Ngati akufuna kuti mukhalepo msonkhano wonse ndipo ali ndi udindo pa inu, pitani, koma lembani chiganizo chimodzi chonena ntchito imene yasunthidwa ndi tsiku lake latsopano, kuti kuchedwa kwake kusadzakhale pamutu panu nokha. Ngati woitanayo ndi wa nthambi ina ndipo ntchito inayo munapatsidwa ndi bwana wanu, nkhaniyo ipite kwa bwana wanuyo kuti agamule. Mulimonsemo lipoti limene munalonjeza litumizidwebe Lolemba isanakwane 12 koloko, chifukwa ogamula akufunikabe kuona mitengo ndi masiku a simenti asanalowe m'chipinda.